Ndalama imodzi yowerengedwa kanayi

Munthu akafuna kugulitsa bizinesi, kapena kupeza mnzake woti aikemo mpamba, chinthu choyamba chimene amatulutsa ndi sitetimenti ya ku banki. Amaloza pansi penipeni, pamene paonkhetsedwa ndalama zonse zolowa, n'kunena kuti, "Onani nokha mmene timagulitsira." Ine ndimati nambala imeneyo ndi yosathandiza kuposa ina iliyonse papepalalo. Banki imangolemba kuti ndalama yalowa. Silemba ngati yalowa chifukwa munthu wagula simenti, kapena chifukwa mwiniwake waitulutsa dzulo n'kuibweza lero.

Tiyerekeze sitolo ya zipangizo zomangira nyumba ku Limbe. Mwiniwake akuti amagulitsa katundu wa K60 miliyoni pamwezi, ndipo pa K100 iliyonse amapindula K10. Sitetimenti ya miyezi isanu ndi umodzi ikuvomereza: zalowa K360 miliyoni. Mtengo umene akufuna ndi phindu la zaka ziwiri, K144 miliyoni.

Wofufuza wodziwa ntchito amapempha sitetimentiyo ngati tebulo la pakompyuta, n'kusanja zolowa zonse kuyambira yaikulu kutsika. Pamenepo pamaoneka mitundu iwiri ya manambala. Ena ndi osokonekera, monga K437,250 kapena K1,186,400. Malonda enieni amaoneka chotero, chifukwa wogula watenga matumba 13 a simenti, malata 22 ndi misomali, msonkho wa VAT n'kubwera pamwamba. Ena ndi osalala, othera ndi maziro okhaokha: K8,000,000, K7,900,000.

Apa ndi pamene ambiri amathamanga. Amamva kuti nambala yosalala ndi chizindikiro cha chinyengo, basi, n'kutseka nkhani. Kwathu kuno zimenezo sizikwanira. Wamalonda amene amalandira ndalama pamanja samapita ku banki ndi makobiri onse. Amamanga mitolo ya ma K5,000 ndi ma K2,000, zotsala amasiya m'kabati kuti mawa akhale ndi chenje. Wolandira pa Airtel Money kapena Mpamba nayenso akamasamutsira ku banki amasamutsa K500,000 yathunthu. Choncho nambala yosalala yosungitsidwa pakauntala ndi yachizolowezi, bola igwirizane ndi buku la malonda a tsiku ndi tsiku. Yodabwitsa ndi nambala yosalala yotumizidwa ndi kampani ina imene akuti ndi kasitomala. Kampani imalipira invoisi, ndipo invoisi kawirikawiri sithera pa maziro asanu ndi limodzi. Ikhoza kukhala yolipiriratu katundu, inde, koma ikatero payenera kukhala invoisi yake ndi kandalama kotsalira kobwera pambuyo.

Nambala yosalala ntchito yake ndi kukuuzani mzere woyambira. Umboni uli kumbali ya zotuluka, imene ogula bizinesi ambiri amaiwerenga mwaulesi.

M'sitolo yathu ija, tione mwezi umodzi. Pa 3, K8,000,000 yalowa kuchokera ku kampani ina. Pa 5, K7,950,000 yatuluka kupita ku kampani yachiwiri, yolembedwa kuti ndi yopikulira katundu. Pa 10, K8,000,000 yalowanso kuchokera ku kampani yoyamba ija, ndipo pa 12 yatuluka. Pa 17 yalowa, koma ulendo uno yatapidwa ndi cheke pa 18. Pa 24 yabwera ngati ndalama ya pamanja, yosungitsidwa panthambi ina ya banki yomweyo, pa 26 n'kutulukanso. Ikalowa sigona masiku opitirira awiri kapena atatu, ndipo yachiwiri silowa yoyamba isanatuluke. Mfundo yomalizayi ndiyo yolemera. Makasitomala enieni salindirana. Nthawi zina awiri amalipira tsiku limodzi, nthawi zina sabata imatha popanda wolipira. Koma amene ali ndi K8 miliyoni imodzi yokha sangailowetse kachiwiri asanaitulutse. Zili ngati ng'ombe imodzi imene ikutulukira kuseri kwa khola n'kudzalowanso pachipata, woiwerenga n'kumati zinayi.

Tikachotsa maulendo anayiwo, K32 miliyoni, malonda a mweziwo akutsala K28 miliyoni. Pa mawerengedwe a mwiniwake yemweyo, phindu la zaka ziwiri ndi K67.2 miliyoni, osati K144 miliyoni. Iye zamutengera zochepa kwambiri: zolipira ku banki ndi kandalama kothokozera omuthandiza.

Kukayikira kokha sikokwanira, ndiye pali mafunso amene mapepala ena ayenera kuyankha. Ku ofesi ya kalembera wa makampani mungaone eni ndi oyendetsa makampani awiri aja. Mukapeza mkazi wa mwini sitolo, mlamu wake, kapena keyala imodzimodzi, mzere wozungulira watsekeka. Kenako funsani katundu: ngati kampani yachiwiri inalipidwa pafupifupi K8 miliyoni, lili kuti pepala losonyeza kuti lole inatsitsa simenti, ndipo buku la m'nyumba yosungira katundu likuti chiyani tsiku limenelo? Koma pepala limene ine ndimalikhulupirira kwambiri ndi la msonkho limene sitolo inapereka ku MRA mwezi womwewo. Wokometsa sitetimenti amafuna kuoneka wamkulu kwa wogula, koma safuna kulipira VAT pa malonda amene sanachitike. Ngati ku MRA analemba K28 miliyoni pomwe kwa inu akuti K60 miliyoni, wanamiza mmodzi mwa awiri. Ena amayankha mokunong'onezani kuti amabisako pang'ono chifukwa cha msonkho. Yankho limenelo lisakutonthozeni: mukagula kampaniyo, ngongole ya msonkho wobisidwa imatsala m'kampani momwemo, ndipo mwini wake tsopano ndinu.

Nyengo nayonso imaulula. Ntchito yomanga imachepa mvula ikalimba, n'kudzuka anthu akakolola ndi kugulitsa mbewu. Zolowa zosokonekera zija zimatsika ndi kukwera motsatira zimenezo, pomwe zosalala zimabwera mofanana Febuluwale ndi Julayi. N'chifukwa chake miyezi isanu ndi umodzi ndi yochepa. Pemphani miyezi 12 kapena 24, ndipo muone mwezi umene ndalama zosalalazo zinayamba. Kawirikawiri zimayamba pamene mwiniwake anaganiza zogulitsa kapena zopempha ngongole.

Wina angatsutse kuti ndalama zozungulira si chinyengo nthawi zonse, ndipo akunena zoona. Bizinesi ya maakaunti awiri imasamutsa ndalama kuti malipiro a antchito akwane. Mwini amabwereka bizinesi yake ndalama katundu akafika, n'kudzadzibwezera. Palibe cholakwa pamenepo. Koma kaya cholinga chinali choyera kaya ayi, ndalamazo si malonda, ndipo pamtengo ziyenera kuchotsedwa chimodzimodzi. Cholinga chimangokuthandizani kudziwa ngati mungapitirize kukambirana ndi munthuyo. Woona mtima mukamufunsa amayankha pomwepo kuti, "Iyo ndi ya akaunti yathu ina," n'kukupatsani sitetimenti yake. Winayo amaumirira kuti ndi kasitomala, koma invoisi yake imasowa.

Musaganize kuti ndi machenjera a masitolo ang'onoang'ono okha. Kampani ya khofi ya ku China, Luckin Coffee, inaulula mu 2020 kuti malonda a ndalama pafupifupi 2.2 biliyoni za dzikolo a chaka cha 2019 anali opeka, ndipo ndalama zinkadutsira kwa anthu ndi makampani ogwirizana nayo kuti zioneke ngati za ogula.

Njira yonseyi ili ndi malire awiri. Imagwira ntchito pokhapokha sitetimenti ili yeniyeni, choncho musalandire yosindikizidwa ndi wogulitsa. Alembe kalata yololeza banki kuti ikutumizireni inu mwachindunji, kapena mupite naye limodzi kukaitenga. Ndiponso wochenjera kwambiri sagwiritsa ntchito manambala osalala. Amalowetsa K7,846,300, n'kuitulutsa m'zigawo zitatu kudzera m'mabanki awiri. Ameneyo kusanja manambala sikungamugwire. Amagwidwa ndi sitetimenti za maakaunti onse zitaikidwa pamodzi tsiku ndi tsiku, ndi kalata yopita kwa makasitomala akuluakulu yofunsa zimene anagula, ndiponso ndi kuwerenga matumba a simenti amene analowadi ndi kutuluka m'nyumba yosungira katundu.