Dalitso Lomwe Anthu Awiri Angalivomereze

Masiku ano mwambo wolemberana mawu a mafuno abwino pa tsiku lokumbukira kubadwa wazika mizu m'Malawi, ndipo kawirikawiri mawuwo amathera ndi dalitso. Komatu dziko lino lili ndi Akhristu, Asilamu ndi ena otsata chipembedzo cha makolo, amene amaphunzira m'kalasi imodzi ndi kutunga madzi pa mjigo umodzi. Tsono funso likubuka: kodi munthu adalitse bwanji mnzake wa chipembedzo china popanda kumukhumudwitsa, komanso popanda kukana chikhulupiriro chake?

Funsoli likhoza kumveka bwino poona chitsanzo. Mtsikana wina wa Chikhristu pa sukulu ya sekondale ku Mangochi akulembera mnzake wa Chisilamu, ndipo walemba kuti: "Mulungu akupatse moyo wautali ndi nzeru, m'dzina la Yesu Khristu Mwana wa Mulungu." Dalitsoli lili ndi zigawo zitatu: dzina la Wodalitsa, zinthu zopemphedwa, ndi mawu otsekera.

Gawo loyamba lilibe vuto. Mayina monga Mulungu, Chauta ndi Namalenga adalipo kale Chikhristu ndi Chisilamu zisanafike kuno, ndipo Msilamu wolankhula Chichewa amatchula Mulungu mosakayika. Gawo lachiwiri nalonso n'labwino, pakuti palibe chipembedzo chodana ndi moyo wautali kapena nzeru. Pogona nkhani ndi pa gawo lachitatu. Asilamu amalemekeza Yesu, amene amamutcha Isa, monga mneneri wamkulu, koma amakhulupirira kuti Mulungu alibe mwana. Choncho mawu otsekerawo akumuika wolandirayo pa mpanipani: akavomera, wapsinja chikhulupiriro chake, akakhala chete, aoneka ngati wanyoza mnzake.

Alipo anthu amene anganene kuti kuchotsa dzina la Yesu ndi mantha, kapenanso kuchita manyazi ndi chipembedzo. Maganizo amenewa sayenera kupeputsidwa, chifukwa kwa Mkhristu dzinalo ndilo chuma choposa zonse, ndipo munthu amapatsa mnzake chimene amachikonda. Komabe mpofunika kusiyanitsa pemphero ndi mphatso. Pemphero limapita kwa Mulungu, ndipo mtsikanayo ali ndi ufulu wopempherera mnzake m'dzina la Yesu ali m'chipinda chake. Koma uthenga wa tsiku lakubadwa umapita kwa munthu, ndipo mphatso imayesedwa ndi msinkhu wa wolandira. Wogulira mnzake nsapato sayesa phazi lake lomwe.

Palinso kulakwa kwina kumene kumaoneka ngati ulemu. Mtsikana uja, pofuna kukondweretsa mnzake, akhoza kubwereka mawu a Chiarabu amene sadziwa tanthauzo lake, kapena kutchula mneneri Muhammad ngati kuti amamutsata. Apa ndi pamene akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mawuwo ndi okoma m'khutu, koma sakuchokera mu mtima, ndipo dalitso losakhulupiriridwa ndi mwini wake ndi chinyengo chabe.

Muyeso wodalirika ndi uwu: dalitso likhale lakuti wolemba ndi wolandira, onse awiri, angathe kunena "Amen" kapena "Amin" ndi mtima woyera. Potsata muyesowu, mtsikanayo akhoza kulemba kuti: "Mulungu amene adakulenga akusunge, akuonjezere zaka ndi nzeru." Iye sadaname, ndipo mnzakeyo sadakakamizidwe. Wolandirayo akakhala wamkulu, monga mphunzitsi, mawu asinthe kukhala "akusungeni", pakuti ulemu wa msinkhu suchoka chifukwa cha kusiyana zipembedzo.

Komabe muyesowu uli ndi malire. A Mboni za Yehova sakondwerera tsiku lakubadwa, ndipo mwa zifukwa zawo amatchula maphwando a Farao ndi Herode, amene Baibulo limasimba kuti pa onse awiri padaphedwa munthu. Asilamu ena nawonso sachita mwambowu, ngakhale ena amachita. Kwa anthu otere vuto si mawu ayi, koma tsiku lenilenilo, ndipo ngakhale dalitso losankhidwa mosamala silingakonze kanthu. Ulemu ndiwo kusalemba, n'kudzaonetsa chikondicho tsiku lina, monga pamene mnzakeyo wakhoza mayeso. Amene akukayika afunse, pakuti safunsa adadya phula.

Wolandira nayenso ali ndi udindo. Gogo wokalamba akadalitsa mwana wa mnansi wake m'mawu a chipembedzo chake, sachita mwachipongwe, koma ndiwo mawu okha amene akuwadziwa. Mwanayo sayenera kuvomereza chiphunzitso chimene sachikhulupirira, koma angathe kunena kuti "Zikomo agogo," chifukwa kuthokoza chikondi si kusintha chipembedzo. Motero wolemba asamale mawu, wolandira aone mtima.