"Pepani, ndachedwa": kodi n'zokwanira?



Achemwali anga aakulu, omwe amanditumizira ya sopo mwezi ndi mwezi kuno kusukulu, tsiku lawo lobadwa linali Lachiwiri. Ine ndinakumbukira Lachisanu usiku nditaona chithunzi cha keke pa WhatsApp ya alamu. Mtima unangoti myuu.

Uthenga woyamba umene ndinalemba unali wautali. Ndinatchula mayeso, ndinatchula bando imene inatha, ndinatchulanso magetsi. Zonsezi zinachitikadi sabata imeneyo, sindinapeke. Koma Lachiwiri lomwelo ndinacheza pa gulu la kalasi mpaka pakati pa usiku, pa foni yomweyo. Ndiye mawu aliwonse anali oona, koma uthenga wonse unali bodza, chifukwa unkawauza kuti ndinalephera kulemba, pomwe ine ndinangoiwala.

Nditauwerenganso ndinaona china. Mizere isanu ndi umodzi inkakamba za ine, mafuno abwino anali mzere umodzi wakumapeto. Uthenga wotere umampatsa ntchito mwini tsiku. M'malo molandira mafuno, ayambe kukutonthoza: "Osadandaula, mayeso akuyenda bwanji?" Wolakwa uja wasanduka wodandaulidwa. Kupepesa kobwerezabwereza, kwa "ndine munthu woipa, mundikhululukire" kuja, nakonso kumathera pomwepo.

Mnzanga wa m'chipinda ananditsutsa. Iye akuti kusatchula chifukwa n'kunyada, ndipo munthu wamkulu amayenera kulongosoleredwa. Apa ndikumumvetsa pang'ono. Ndikanakhala kuti ndinagonekedwa kuchipatala kapena ndinali kumaliro, ndikanawauza, chifukwa imeneyo ndi nkhani yoti achemwali aidziwe ngakhale pakanapanda tsiku lobadwa. Ndiye ndinadzifunsa kuti, chifukwa ndikufuna kulembachi chiwathandiza iwo, kapena chingondiyeretsa ine? Bando ndi magetsi zinali zondiyeretsa basi.

Ndinafufuta zonse n'kulemba izi:

"Achemwali, tsiku lanu linali Lachiwiri ndipo ine sindinakulembereni. Pepani, ndinalakwitsa. Chaka chino mwandinyamula pa zambiri, ngakhale mwezi uja zinthu zinakuvutani simunandisiye. Allah akupatseni moyo wautali ndi thanzi, akudalitsireninso geni yanu. Ndikuimbirani mawa madzulo."

Kupepesa kwatenga mzere umodzi, ndipo pambuyo pake palibe "koma". Ndinatchula Lachiwiri dala, kuti asaganize kuti ndikuyesa ngati tsikulo ndi lero. Zotsalazo ndi zawo, zinthu zoti sindingakopere wina aliyense. Lonjezo la foni ndinaliika nditatsimikiza kuti mayunitsi ndili nawo, poti kulonjeza n'kulepheranso kukanaposa kuiwala koyamba kuja.

Anayankha m'mawa: "Amin. Ndimadziwa kuti waiwala." Zinandiwawa ndithu, ndipo zala zinayamba kale kulemba za mayeso. Ndinafufuta, n'kungoti, "Eya, ndinaiwaladi." Madzulo ndinaimba, tinacheza za mtengo wa chimanga ndi za mwana wawo amene wayamba kukwawa.