Mtsutso: Tiyesere Pulogalamu ya Chipatala ndi Maina a Ndani?

Anthu atatu anasiyana maganizo pa maina oti ayesere pulogalamu yatsopano yolembera odwala pachipatala china.

Mnyamata wolemba pulogalamu: Ine ndikuti tikopere kaundula weniweni wa odwala. Maina opeka amene Faker imatulutsa tikasankha `en_US` ndi a ku Amereka, onga Smith ndi Johnson. Ameneŵa sangationetse mavuto amene maina athu amabweretsa.

Mkulu woyesa mapulogalamu: Pa maina achilendowo wanena zoona, mphwanga. Dzina ngati Ng'oma lili ndi kachizindikiro pakati, ndipo likaloŵetsedwa mosasamala mu SQL, kompyuta imayesa kuti mawu athera pa "Ng", n'kukana kusunga. Chilembo cha ŵ nachonso chimasanduka `?` ngati nkhokwe ya pulogalamuyo sinaikidwe pa UTF-8. Koma kaundula sitimukhudza. Muli matenda a anthu amene anauza dokotala yekha, pomwe kompyuta yoyesera imatsegulidwa ndi aliyense mu ofesi muno.

Mayi wolembera odwala: Ndiye mukufuna kusintha maina a odwala anga? Akabwera ndidzawapeza bwanji?

Mkulu: Ayi mayi, kaundula wanu akhala momwe alili. Tikupanga odwala ongopeka. Tilemba mndandanda wa maina oyamba ndi wina wa maina a makolo: Gondwe ndi Msiska a kumpoto, Phiri ndi Mwale a pakati, komanso a Chiyao, Chilomwe ndi Chisena. Kompyuta izisakaniza mwachisawawa, tsiku lobadwa nalo n'kulipeka palokha.

Mnyamata: Koma bambo, mukaphatikiza dzina lofala ndi Banda, munthu wotero alipo ndithu. Mwapeŵa chiyani?

Mkulu: Dzina lofala sililoza munthu mmodzi, pakuti eni ake ndi ambiri. Choopsa ndi dzina losoŵa likaikidwa pamodzi ndi mudzi, zaka ndi matenda. N'chifukwa chake maina osoŵa ndi a anthu otchuka timawachotsa, imelo timathera ndi `@example.com`, ndipo zotumiza mauthenga a pafoni timazimitsa, chifukwa nambala yopeka ikhoza kukhala ya wina.

Mayi: Nanga agogo amene amangoti "ndine Naphiri" kapena "Nyagondwe", osatchula dzina lina? Pulogalamu yakale inkakana mpaka nditadzaza mabokosi onse aŵiri, ndiye ndinkangobwereza dzinalo.

Mkulu: Mwatithandiza, mayi. Tiikamo odwala a dzina limodzi lokha, tione ngati yatsopanoyi iwalandira.

Mnyamata: Ndavomera kusiya kaundula. Komatu maina agwirizane ndi boma: a Gondwe akhale a ku Rumphi, kuti zioneke zenizeni.

Mayi: Ayi, mwanangu. A Gondwe ndimawalembera ndili kuno ku Blantyre. Mtundu wa munthu sitiudziŵira dzina.

Mnyamata: Koma kumudzi maina amabwerezeka kwambiri. Tikawamwaza dziko lonse, sitidzaona ngati pulogalamu ikusokoneza odwala aŵiri ofanana dzina a m'mudzi umodzi.

Mkuluyo anavomera kuti odwala ofanana maina aikidwemo dala, koma za kumangirira dzina ku boma anatuluka asanagwirizane.