Kabokosi ka mwana kakhale ndi zipinda ziwiri

Ku Lisungwi, kumunsi kwa boma la Neno, mwana amagwira ndalama akadali wamng'ono. Wina amatola malambe n'kugulitsa, wina amapatsidwa K200 ndi amalume ake obwera kuchokera ku Zalewa. Kaŵirikaŵiri ndalamayo imathera pa zigege ndi mafilizesi dzuŵa lisanapendeke. N'chifukwa chake kabokosi kosungiramo ndalama ndi mphatso yoposa nsapato, bola woperekayo aperekenso malangizo ake.

Uzani kalipentala akhome kabokosi ka matabwa ndi misomali, kopanda loko, koma aike thabwa pakati kuti zipinda zikhale ziŵiri, chilichonse ndi kampata kake. Kampatako kakhale kopyapyala, kongokwana ndalama yapepala yopinda kanayi. Kakakula, mwana amavuula ndalama ndi waya. Chipinda chachikulu n'chake, chaching'ono n'cha ena. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika, ndipo mwana amaumva msanga mwambiwu akaona kuti zonse ziŵiri zikuchitikira m'bokosi limodzi.

Tiyerekeze kuti mtsikana wa Sitandade 4 amapeza K500 pa sabata. Aponye K300 kwake, K100 kwa ena, K100 yotsalayo adye. Musammane yodyayo, chifukwa mwana womanidwa zonse amayamba kubisa ndalama m'sokosi. Pakatha masabata 12, pafupifupi teremu imodzi, kwake kukhala K3,600, kwa ena K1,200. Agogo kapena azakhali ake akhalepo pophwanya bokosi, iye aŵerenge yekha mokweza. Zikaperewera mudziŵa kuti pena padutsa dzanja.

Ya enayo asankhe yekha kopita: sopo wa agogo, kope la mnzake wamasiye, kapena chipepeso pamaliro. Akapereke ndi manja aŵiri, atagwada, ndipo asakalengeze kumjigo. Mukamusankhira, aiona ngati msonkho.

Musadikire chaka chathunthu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo ndalama yogona m'bokosi imachepa mphamvu mitengo ya zinthu ikamakwera. Komanso chiswe sichisiya thabwa kapena pepala, choncho bokosilo likhale pamwamba pouma, osati pansi pa bedi. Ya mwanayo isanduke chinthu msanga. Ngati sikukwana msoti wa nkhuku, onjezerani, koma nkhukuyo izitchedwa yake.

Chimene chimapha mwambowu kwenikweni ndi ife akuluakulu. Mchere ukatha, kapena tsiku lobweza ku banki mkhonde likafika, maso amagwera pa kabokosi ka mwana. Kubwereka sikoletsedwa, pakuti nayenso amadya m'nyumba momwemo. Koma mpempheni kuti, "Mwanawe, tandibwereka K1,000, ndibweza Loŵeruka," mulembe pakapepala, ndipo Loŵerukalo muiponyemo iye akuona. Mwana amene bokosi lake linatsegulidwa ali kusukulu, mudzamuona ndalama akuidyera panjira, kunyumba n'kufika chimanjamanja.