Tikiti imene ndinapata nayo ndi yomwe inandigwetsa



Nkhaniyi ndi yanga ndemwe, ndipo sindikuifotokoza monyadira ayi. Ndikuilemba chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuwerenga izi pafoni yomweyo yomwe muli apu yobetchera.

Ndili m'chaka chachiwiri ku yunivesite, tsiku lina Loweruka ndinaponya K2,000 pa tikiti ya masewero 8 a mpira wa ku Mangalande. Mumtima ndinati ndikungoyesa. Pofika usiku masewero onse 8 analowa, foni n'kundionetsa K274,000. Ine mwana wa mayi wogulitsa usipa ku Mangochi ndinali ndisanagwirepo ndalama yotero. Ndinagula nsapato, ndinadyetsa anzanga, ndinatumiza K30,000 kumudzi n'kunama kuti ndapeza ganyu yolemba. Chochititsa manyazi n'chakuti ndinanena Alhamdulillah, ngati kuti ndi riziki.

Masamu a tikiti imeneyo ndinadzawamvetsa mochedwa. Sewero lililonse linali ndi mbali ziwiri zofanana mwayi, ngati kuponya kobiri m'mwamba. Pachilungamo, woponya K1,000 akapata amayenera kulandira K2,000. Koma apu inkapereka maodi a 1.85, kutanthauza K1,850. Tiyerekeze kuti ine ndaponya K1,000 mbali iyi, mnzanga K1,000 mbali inayo. Kampani yalandira K2,000, yabweza K1,850, yatsala ndi K150 posatengera kuti wapambana ndani. Ukalumikiza masewero ambiri pa tikiti imodzi, kagawo kameneka kamadulidwa pa sewero lililonse. Mwayi woti masewero 8 otere alowe onse ndi umodzi pa 256. Ndiye malipiro achilungamo a K2,000 yanga akanakhala K512,000. Ine ndinavinira K274,000. Ngakhale tsiku lomwe ndinapata lija, ndinali nditadyeredwa kale pafupifupi theka.

Koma nthawi imeneyo ndinkadziona ngati katswiri wa mpira. Matikiti a K2,000 anayamba kuoneka achibwana, ndinakwera kufika pa K10,000. Ndikapata pang'ono ndinkajambula n'kuonetsa anzanga, ndikaluza ndinkangofufuta mwakachetechete. Ndalama sinathe tsiku limodzi. Inkatha ngati madzi a mu ndowa yobooka, lero yatsika, mawa yakwerako pang'ono, mkuja yatsikanso kwambiri. Patatha miyezi iwiri, ya tikiti ija inali itabwerera yonse kumene inachokera.

Apa ndi pomwe ndinasiya kubetcha kuti ndipate, n'kuyamba kubetcha kuti ndibweze zanga. Mpira unayamba kundichedwera, chifukwa umafuna kudikira mphindi 90. Ndinasamukira ku kandege, komwe ndalama imapita m'masekondi ochepa. Kenako mnzanga wina anandiphunzitsa nzeru yomwe inkamveka yanzeru zedi: ukaluza, ponya kawiri kuposa yomwe waluza, tsiku lomwe upate ubweza zonse. Usiku wina ndinayamba ndi K5,000, kenako K10,000, K20,000, K40,000, K80,000, K160,000. Kuluza kasanu ndi kamodzi motsatizana, K315,000 yapita. Kuti ndipitirize pamafunika K320,000, yomwe ndinalibe. Nzeru imeneyi imagwira kwa munthu wa thumba lopanda malire, ndipo munthu wotero kulibe. Ndalama yomwe inapita usiku umenewo inali ya fizi, yomwe amayi anasonkha ndi amalume atagulitsa mbuzi.

Zotsatira zake mukhoza kuziganiza. Laputopu ndinaipinyolitsa osaiwombolanso. Ndinakongola kwa wakatapila. Mnzanga wa chipinda chimodzi, yemwe ndine ndinamulowetsa m'zobetcha, anandibwereka K40,000, ndipo nditalephera kubweza tinafika pogwirana malaya m'khonde la hositelo. Tinkapita limodzi ku Ijuma, koma tinatha miyezi itatu osapatsana salamu. Mayeso a semesita imeneyo sindinalembe.

Chomwe chinayamba kutayika si ndalama, koma swala. Masewero ambiri a Loweruka ndi Lamulungu amakumana ndi nthawi ya Asr ndi Magharibi. Ndinkati ndiswali likatha gawo loyamba, kenako likatha sewero. Ndikaima pa mkeka woswalira, mutu unali pa zigoli, kumaliza osadziwa kuti ndaswali maraka angati. Subuhi ndiye inkandipeza ndili mtulo chifukwa chochezera kandege. Tsiku lina ndinadzipeza nditakweza manja kupempha Allah kuti timu ina igoletse.

Amayi atamva kuti ndabwerera kumudzi mayeso asanayambe, sanakuwe. Anangofunsa kuti, “Mwana wanga, K30,000 ija munanditumizira inachokera kumeneko?” Nditavomera, anati, “Ndiye mwandidyetsa haramu ine ndi azing'ono anu.” Mawu amenewo anandipweteka kuposa ngongole zonse.

Ndinapita kwa Shehe wa pamzikiti wathu. Ananditsegulira Surat Al-Baqarah ndime 219, pomwe mowa ndi juga zatchulidwa pamodzi. Ndimeyo siikana kuti muli kaphindu kwa anthu, koma ikuti tchimo lake ndi lalikulu kuposa phindulo. Shehe anati, “Mwana wanga, kaphindu ako kanali K274,000. Tawerenga tsopano mbali inayo.” Kenako anandionetsa Surat Al-Maidah ndime 90 ndi 91, pomwe juga yaikidwa m'gulu la zonyansa za ntchito ya Satana, n'kulongosola zomwe Satanayo amafuna: kuika udani ndi chidani pakati pa anthu, ndi kuwatsekereza kukumbukira Allah ndi swala. Ndinakhala chete. Mnzanga uja ndi mkeka wanga woswalira zinali m'ndime imeneyo.

Anandiuzanso za hadisi yomwe ili m'mabuku a Bukhari ndi Muslim, momwe Mtumiki (SAW) analamula kuti munthu yemwe wangoitanira mnzake ku juga apereke sadaka. Kungoitana chabe. Nanga ine amene ndinkagawa matikiti pagulu la kalasi?

Toba yanga sinali ya misozi yokha. Shehe anati tchimo lokhudza anthu limafuna kuwabwezera zawo. Ndinalemba ngongole zonse papepala, dzina ndi ndalama, n'kupereka kwa amalume. Ndinatseka maakaunti, ndinachotsa maapu, ndinatuluka m'magulu ogawana matikiti. Kwa miyezi isanu ndinagwiritsa ntchito kafoni ka mabatani, ndipo ndalama iliyonse yomwe ndinkapeza pothandiza amayi kumsika inkasungidwa ndi iwo. Sindikunamizeni, chilakolako chinkabwera, makamaka Loweruka masana, ndipo kamodzi ndinagwanso pafoni ya mnzanga. Ndinakaulula tsiku lomwelo. Mnzanga wa chipinda uja ndinamubwezera K5,000 mwezi uliwonse mpaka inakwana, ndipo tsiku lomaliza ndinamupempha chikhululuko pomulowetsa m'zimenezi. Iye sanasiyebe. Chimenechi chimandilemera mpaka lero.

Panopa ndabwereranso kusukulu, m'mbuyo ndi chaka chimodzi.

M'bale wanga, mlongo wanga, dzifunse mafunso atatu usiku uno. Kodi unachedwetsapo swala podikira zotsatira za tikiti? Kodi unanamapo za komwe ndalama yapita? Kodi ukuponya kuti ubweze yomwe unaluza? Ngati wayankha inde pa limodzi lokha, tsegula mbiri ya akaunti yako, uwonkhetse zonse zomwe unaikamo ndi zonse zomwe unatulutsa. Ine nditatero manja ananjenjemera. Ukatero uza munthu mmodzi wamkulu yemwe umamukhulupirira, lero lomwe, usanagone. Ndipo iwe amene wapata sabata ino, ndikukudera nkhawa kuposa amene waluza, chifukwa inenso ndinayambira pomwepo.

Allah atikhululukire, atipatse riziki la halali ndi mtima wokhutira nalo, ndipo amutulutse mnzanga uja. Mumuikeko m'maduwa anu. Ameen.