Kodi Wachikhumi Ali Kuti?

Anthu khumi anali paulendo ndipo anafika pamtsinje wosefukira. Atawoloka, mtsogoleri wawo anafuna kudziwa ngati onse anapulumuka. Anawerenga anzake mmodzimmodzi napeza asanu ndi anayi okha. Wina anawerenganso, koma nayenso anapeza chimodzimodzi. Pamenepo onse anakhala pansi nayamba kulira mnzawo amene ankati wakokoloka ndi madzi. Munthu wina wodutsa atamva nkhaniyo, anawaimika pamzere nauza mtsogoleri uja kuti awerengenso. Atafika pa wachisanu ndi chinayi, mlendoyo anamuloza pachifuwa namuuza kuti wachikhumiyo anali iye mwini. Aliyense ankawerenga anzake n'kudziiwala yekha.

Nthano imeneyi ndi ya ku Indiya, ndipo amakonda kuikamba aphunzitsi a chiphunzitso chotchedwa Adivaita. M'chilankhulo chakale cha Sansikiriti, dzinali litanthauza kuti "si ziwiri". Mizu yake ili m'mabuku akale a Ahindu otchedwa Upanishadi, koma amene anachilongosola mwadongosolo ndi Shankara, mphunzitsi amene anakhala ndi moyo m'zaka za m'ma 700 ndipo amati anabadwira ku Kerala, kumwera kwa dzikolo. Mfundo yake ndi yakuti chenicheni chilipo chimodzi chokha, chimene amachitcha Bulahamani, ndipo chimene chimazindikira zinthu mwa munthu aliyense, chotchedwa Atimani, sichisiyana nacho. Tsono "ine" amene timamuona ngati woima payekha, wolekana ndi anzake ndi chilengedwe chonse, ndi chinyengo chobwera chifukwa cha kusadziwa.

Kodi munthu wanzeru zake angafike bwanji pamaganizo otere? Aphunzitsiwa amayamba ndi lamulo losavuta: chimene ukuchiona sichingakhale iwe amene ukuonawe. Timati "dzanja langa" monga momwe timanenera "khasu langa", pakuti dzanjalo timaliona. Thupi limene tinali nalo tili makanda silifanana ndi la lero, komabe timati ndife omwewo. Nanga maganizo? Nawonso timawaona akubwera ndi kupita. Mkwiyo wa m'mawa pofika madzulo umakhala utazilala, ndipo chilipo china mwa ife chimene chinauona ukuyamba ndi kutha. Dzina nalo tinachita kupatsidwa. Tikachotsa zonse zooneka, chotsala ndi kuzindikira kokha, kopanda msinkhu, mtundu kapena dzina. Ameneyo ndiye wachikhumi. Sapezeka pamzere wa zowerengedwa chifukwa ndiye wowerengayo.

Funso lotsatira ndi lakuti, ngati kuzindikirako kuli kumodzi, bwanji tikuoneka ambiri? Apa amatipatsa fanizo la miphika. Woumba akaumba mphika, mtsuko ndi nkhali, chilichonse chimakhala ndi danga m'kati mwake. Timatha kunena kuti danga la mumtsuko ndi lalikulu kuposa la mumphika. Koma kodi woumbayo anaumba danga? Iyayi, iye anangozinga dongo pamalo amene analipo kale. Mtsuko ukanyamulidwa kupita kuchitsime, chimene chayenda ndi dongo. Ukasweka, danga la m'kati silithawira kwina kapena kuchita kulumikizidwa ndi la kunja, chifukwa silinalekanepo nalo. Matupi ndi maganizo athu ndiwo miphikayo.

Wina anganene kuti, "Ngati tili amodzi, bwanji mutu ukandipweteka mnzanga samva ululu?" Gaudapada, amene amati anaphunzitsa mphunzitsi wa Shankara, anayankha ndi fanizo lomweli. Utsi kapena fumbi zikalowa mumphika umodzi, miphika ina siidetsedwa. Ululu, njala ndi chikumbumtima ndi za mphika uwu kapena uwo, pamene dangalo utsi sulimata n'komwe.

Tiyenera kusamala ndi liwu lakuti chinyengo, pakuti ambiri amapunthwa pomwepa. Taganizani za munthu amene akuyenda chisisira, naona chingwe panjira n'kuchiyesa njoka. Mtima ugunda, thukuta lituluka, mwinanso avulala pothawa. Mantha akewo ndi enieni, ndipo chinthu chilipodi panjirapo. Cholakwika ndi dzina limene wachipatsa. Zotere sizichitika mumdima wa ndiweyani, pamene saona kanthu, kapenanso dzuwa lili paliwombo, pamene aona bwino. Zimachitika pamene waona pang'ono, zotsalazo n'kudzazitsa ndi zimene akukumbukira. Chomwechonso munthu amadziwa kuti alipo, koma sadziwa bwino chimene ali, ndiye amadziveka malire a thupi lake. Njoka yotereyi siiphedwa ndi chibonga. Pafunika nyali basi. N'chifukwa chake Shankara anaphunzitsa kuti chomasula munthu ndi kudziwa, osati kuchuluka kwa miyambo ndi nsembe.

Tisasokoneze chiphunzitsochi ndi umunthu umene makolo athu anatisiyira. Umunthu umavomereza kuti anthu ndi ambiri, koma aliyense amakhala munthu chifukwa cha anzake. Adivaita imapitirira apo n'kunena kuti kuchulukako ndi kwa maonekedwe chabe. Komabe pakhalidwe ziwirizi zimayandikana. Nsanje, umbombo ndi kuopa imfa zimamera pa maganizo akuti "ine" ndi kanthu kakang'ono koyenera kukatchinjiriza usana ndi usiku. Ngati wozindikira mwa mnzanga ali yemweyo wozindikira mwa ine, kumudyera masuku pamutu kuli ngati dzanja lamanja kubera lamanzere.

Koma pali ngozi yake. Munthu wangongole angauze womukongoza kuti, "Palibe iwe, palibe ine, tsono ndibweze kwa yani?" Aphunzitsi a Adivaita amakana zotere. Iwo amasiyanitsa choonadi chenicheni ndi choonadi cha moyo wa tsiku ndi tsiku, m'mene ngongole, malonjezo ndi milandu zimagwirabe ntchito. Ramakrishna, amene anakhala ku Bengo kuyambira 1836 mpaka 1886, ankasimba za wophunzira amene anamva kuti Mulungu ali m'zonse. Tsiku lina njovu yolusa inabwera, woiyendetsa akufuula kuti anthu apatuke. Wophunzirayo anangoima, poganiza kuti Mulungu wa mu njovu sangamupweteke. Njovuyo inamunyamula ndi chitamba n'kumuponya kumbali. Mphunzitsi wake anamukumbutsa kuti Mulungu yemweyo analinso mwa munthu amene ankamuchenjezayo. Apa mpamene tingazindikirire womvetsa ndi wonamizira. Wangongole uja amati palibe "ine" pobweza pokha, koma wina akamubera mbuzi, "ine" wakeyo amadzuka msangamsanga.

Si anzeru onse a ku Indiya amene anagwirizana ndi Shankara. Ramanuja, amene anaphunzitsa m'zaka za m'ma 1000 ndi 1100, anafunsa funso lovuta: kodi kusadziwako ndi kwa yani? Ngati ndi kwa munthu payekha, munthuyo akuti ndi chipatso cha kusadziwa komweko. Ngati ndi kwa Bulahamani, ndiye kuti chimene chili kuzindikira kwangwiro chapusitsidwa. Iye anaphunzitsa kuti mizimu ya anthu ndi yeniyeni, ngakhale kuti imadalira Mulungu monga thupi lidalira mzimu. Otsatira a Shankara amayankha kuti kusadziwako sikungatchedwe chenicheni kapena chabodza, ndipo mkanganowu sunathe mpaka lero.

Ine ndiona kuti funso la Ramanuja ndi lolemera, ndipo fanizo la miphika palokha silitsimikiza kuti kuzindikira kwa anthu onse n'kumodzi. Fanizo limaunikira, koma si umboni. Chimene sindingachikane ndi gawo loyamba lija. Nthawi iliyonse ndikayesa kuloza "ine", chala chimagwera pa thupi, pa dzina kapena pa ganizo limene mawa lidzakhala litasintha. Owerenga ayese okha pamene wina wawanyoza ndipo mtima wawira. Adzifunse kuti chanyozedwacho n'chiyani kwenikweni, ndiponso kuti amene akuona mkwiyowo ukukwera ndani.