Mbali imene tepi sinafike

Ku Nkhamanga, m'minda ya kufupi ndi Bolero, si kawirikawiri munthu kuyeza malo ake mbali zonse zinayi popanda chomutchinga. Kwina kuli chulu chomera minga, kwina ngalande yodzaza bango, kwina chimanga cha mnansi chimene sungachipondeponde chifukwa chongofuna nambala. Masiku ano ndakhala ndikuganizira dimba lina la mbale wanga kumeneko, limene akufuna kulitchinga ndi waya chifukwa cha mbuzi. Mbali yaifupi ndi yoyera, ndipo tepi inaonetsa mamita 20. Mbali ziwiri zazitali n'zosayendeka. Koma pakati pa dimba ndi polimidwa, kotero tepi inadutsa bwinobwino kuchokera pa ngodya ina kukafika pa ngodya yoyang'anizana nayo, n'kupereka mamita 35. Mzere wopingasa umenewu ndi umene kusukulu timautcha dayagonolo.

Manambala awiri okha, 20 ndi 35. Chimene chimandikhazika chete n'chakuti ngati dimbalo lilidi rekitango, manambala awiriwa ndi okwanira. Mbali imene phazi silinapondeko yadziwika kale, ingofunika kuiwerengera.

Mzere wopingasa uja umagawa dimba m'zigawo ziwiri zofanana, chilichonse cha ngodya zitatu, ndipo ngodya imodzi mwa zitatuzo ndi ya sikweya, ya madigiri 90. Pa chigawo choterechi pali lamulo limene timalitchula ndi dzina la Pythagoras, Mgiriki wakale. Mbali iliyonse ya ziwiri zokumana pa ngodya ya sikweya uichulukitse ndi iyo yokha, zotsatirazo uziphatikize, ndipo upeza chimodzimodzi ndi dayagonolo yochulukitsidwa ndi iyo yokha. Polemba timati a² + b² = d². Amene akukayika aike matailosi pansi: sikweya ya matailosi 3 mbali zonse imadya matailosi 9, ya 4 imadya 16, ndipo 9 ndi 16 pamodzi ndi 25, amene amadzaza ndendende sikweya ya matailosi 5 mbali zonse. Zimene zimaphatikizidwa ndi malo a masikweya, osati utali wa zingwe.

Pa dimba lathu dayagonolo tikuidziwa, choncho m'malo mophatikiza tichotsera. 35 kuchulukitsa ndi 35 ndi 1,225. 20 kuchulukitsa ndi 20 ndi 400. Tikachotsa 400 pa 1,225 patsala 825. Nambala iyi si utali wa mbali yosowayo ayi, koma ndi mbaliyo itachulukitsidwa ndi iyo yokha. Tsono funso lotsala n'lakuti, ndi nambala iti imene ikadzichulukitsa yokha imabala 825?

Foni imayankha msanga ukadina chizindikiro cha √, koma ine ndimakonda kuipeza ndi pensulo, chifukwa potero ndimaona pamene yankho lagona. 28 kuchulukitsa ndi 28 ndi 784, yachepa. 29 kuchulukitsa ndi 29 ndi 841, yapitirira. Ndiye kuti yankho lili pakati pa 28 ndi 29. Kuchoka pa 784 kufika pa 841 pali 57, ndipo 825 yathu yayendapo 41 mwa 57 amenewo, kumene kuli pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10. Tiyese 28.7: ikadzichulukitsa ipereka 823.69, pafupi kwambiri ndi 825. Pa ntchito ya mpanda, mamita 28.7 ndi yankho lokwanira, pakuti masentimita awiri otsalawo amathera m'kunenepa kwa nsanamira.

Mbaliyo ikapezeka, zotsalazo sizichedwa. Mtunda wozungulira dimba ndi 20 kuphatikiza 28.7, kenako kuwirikiza kawiri, ndiwo mamita 97.4. Waya wa mizere itatu ndi mamita 292 ndi pang'ono, osawerengera womangira m'ngodya, ndipo nsanamira zikatalikirana mamita awiri ndi theka zifunika 39. Kukula kwa malo ndi 20 kuchulukitsa ndi 28.7, masikweya mita 574. Ekala ili ndi masikweya mita pafupifupi 4,047, choncho dimbali ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri a ekala. Mlimi amene amathira thumba la makilogalamu 50 pa ekala, pano athira makilogalamu 7 basi.

Ana ambiri, ngakhalenso akuluakulu, akapatsidwa 35 ndi 20 dzanja limathamangira kuchotsera pompo, n'kunena kuti mbali inayo ndi 15. Sindiwaseka, chifukwa mutu wa munthu unazolowera kuti utali umachotsedwa pa utali. Koma yankho limeneli limadziulula lokha ukaliganizira ndi mapazi. Kuyenda m'mphepete, mamita 20 kenako 15, ndi mamita 35, chimodzimodzi ndi kudutsa pakati. Nanga njira yachidule ingafanane bwanji ndi yozungulira? Zimenezo zingatheke pokhapokha ngodya itawongoka n'kukhala mzere umodzi, dimba n'kusowa. Choncho yankho lililonse liyesedwe kawiri: dayagonolo ikhale yaitali kuposa mbali iliyonse payokha, komanso ikhale yaifupi kuposa mbali ziwirizo zitaphatikizidwa. 35 iposa 28.7, ndipo ichepera 48.7. Ena amachulukitsa 20 ndi 35 n'kulemba masikweya mita 700, kuiwala kuti dayagonolo si mbali ya dimba. Atero adzipatsa malo okwana masikweya mita 126 amene kulibe.

Koma kumene mtima wanga wakhalitsa ndi pa mawu aja ndinanena poyamba, akuti ngati dimbalo lilidi rekitango. M'buku la masamu ngodya imabwera italembedwa kale kabokosi kosonyeza kuti ndi ya sikweya. M'munda palibe amene anailembapo. Malire anaikidwa ndi makolo poyang'ana mtengo ndi chulu, ndipo diso la munthu silisiyanitsa bwino madigiri 90 ndi 95. Ndinawerengera kuti ndione kuti madigiri asanu okhawo amadya zingati. Ngati ngodya yoyang'anizana ndi dayagonolo yathu ili ya madigiri 95, mbali zoyang'anizana zili zofanana, tepi n'kuonetsabe 20 ndi 35, ndiye kuti mbali yaitali si 28.7 koma mamita 27, ndipo malo ndi masikweya mita pafupifupi 539. Masikweya mita 35 asowa, pamene kuwerengera konse papepala kunali kopanda cholakwa. Pa waya, kusiyana kotere n'kopirika. Pa malo ogulitsa kapena ogawira ana amasiye, kumatha kufikitsa abale ku bwalo la mfumu.

Mwayi wake, kudziwa kuti ngodya yapendeka n'kosavuta. Rekitango ili ndi madayagonolo awiri, ndipo ayenera kufanana. Pa dimba lopendeka lija, ina ikanakhala mamita 35, inayo 32 ndi pang'ono, kusiyana kumene tepi iliyonse ingaone. N'chifukwa chake mmisiri womanga nyumba, akakhoma zikhomo n'kukoka zingwe za maziko, salola munthu kugwira khasu asanayeze mopingasa mbali zonse ziwiri. Komabe kufanana kwa madayagonolo pakokha si umboni wathunthu. Malo otambalala kumutu n'kupanikizika kumunsi, mbali zake zitapendekera m'kati mofanana, nawonso amapereka madayagonolo ofanana. Choncho mbali yaifupi ya kutsidya nayo iyezedwe, tione ngati ilinso 20. Ndipo pa ngodya penipeni, amisiri amayeza mamita 3 pa chingwe china, mamita 4 pa chinzake, n'kuona ngati pakati pa zizindikiro ziwirizo pali mamita 5. Kukapitirira 5 ngodya yakanuka, kukachepa yapanikizika.

Ndikaganiza za amisiri amenewa ndimakumbukira Livingstonia, pamwamba pa Khondowe, kumene Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894, ndipo achinyamata ankaphunzira ukalipentala ndi zomangamanga pambali pa maphunziro a m'kalasi. Nyumba za miyala ndi njerwa zimene zaimabe kumeneko sizikanaima chilili maziko ake akanakhala opendeka. Komatu nzeruyi ndi yakale kuposa mishoni, kuposanso Pythagoras mwini. Ku Iraq kunafukulidwa phale la dongo la cha m'ma 1770 Yesu asanabadwe, limene lili ndi funso lofanana ndi lathu koma lotembenuzidwa: wolemba anapereka kukula kwa rekitango, 0.75, ndi dayagonolo yake, 1.25, n'kufunsa mbali zake. Yankho ndi 1 ndi 0.75, amene ndi 3, 4, 5 yemwe uja atagawidwa ndi 4.

Pali malire ena a njirayi amene sindinawamvepo akuphunzitsidwa mokwanira. Imagwira bwino pamene mbali yosowa ili yaitali ndithu, koma imafooka pamene mbali yodziwika ili yaitali ndipo yosowayo ili yopapatiza. Pa dimba lathu, tepi ikadakhala kuti inalendewera n'kuonetsa 35.5 m'malo mwa 35, mbali yosowa ikadatuluka 29.3 m'malo mwa 28.7, kulakwa kwa masentimita 60. Tsono titenge malo a chigafa cha fodya, aatali mamita 30, dayagonolo 31. 961 kuchotsa 900 ndi 61, ndipo m'lifupi mwake ndi mamita 7.8. Tepi ikalendewera theka la mita lomwelo n'kuonetsa 31.5, tipeza 992.25 kuchotsa 900, ndiwo 92.25, m'lifupi n'kukhala mamita 9.6. Kulakwa kwa theka la mita kwabala kulakwa kwa pafupifupi mamita awiri, ndipo malo achoka pa masikweya mita 234 kufika pa 288. Chifukwa chake n'chakuti tikuchotsera manambala awiri aakulu oyandikana, ndiye kachotsala kakang'onoko kamasenza kulakwa konse. Chizindikiro chake chimaoneka usanayambe n'komwe kuwerengera: dayagonolo ikangoposa mbali yodziwika pang'ono chabe, ndi bwino kutenga chikwanje, kulambula mbali yaifupiyo n'kuiyeza ndi tepi.

Ku mapiri a Phoka ndi m'zitunda za ku Khondowe kuli vuto linanso, la kutsetsereka. Kukula kwa malo kumawerengedwa ngati kuti nthaka ndi yosalala, pamene tepi yogonekedwa pa mtsetse imayeza utali woposa wa pamapu. Mbali yodziwika ikatsata m'mbali mwa phiri, dayagonolo n'kutsika nalo, nambala imodzi imakhala ya pamalo osalala, inayo ya pamtsetse, ndipo yankho limatuluka lokulirapo kuposa la pamapu. Oyeza odziwa ntchito amadula mtundawo m'zidutswa za mamita asanu kapena khumi. Wa kumtunda amagwira tepi pansi, wa kumunsi amaikweza mpaka itawongoka mosapendeka, n'kugwetsa chingwe cha kamwala kuti aone pokhoma chikhomo, kenako amayambiranso pamenepo.

Ku Nkhamanga dimba la mbale wanga lili pa chidikha, choncho za mtsetse sizimukhudza. Waya sanagulebe. Ndamulembera kuti akayeze kaye dayagonolo yachiwiri ndi mbali yaifupi ya kutsidya, tepi ataikoka zolimba anthu awiri. Zikatuluka 35 ndi 20, kapena kusiyana ndi masentimita osapitirira 20 kapena 30, agule waya wa mamita 300. Zikasiyana ndi mita yathunthu, alambule bango ndi minga, ayeze mbali zonse zinayi payokhapayokha.